Kadontho ka Phala, Timapini 1,150 ndi Dzanja Losakakamiza

Mlamu wanga ali ndi kashopu kosindikiza mapepala ku Balaka. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anandiimbira foni kudandaula kuti kompyuta yake ikuzima yokha. M'mawa imagwira bwino, koma ikakwana 11 koloko, makasitomala atadzaza pakhomo, fani imayamba kulira ngati chigayo, kenako phethi, yazima. Anali ataitanapo kale mnyamata wina amene anaitsegula, nanena kuti wasintha phala la purosesa. Vuto silinathe, linangokula.

Nditafika ndinapeza kompyuta ya mtundu umene wadzaza m'mashopu ndi m'maofesi ambiri kuno kwathu, yogwirapo kale ntchito kunja, yokhala ndi purosesa ya Intel Core i5-4570 yomwe inatuluka mu 2013. Ndinaiyatsa n'kutsegula pulogalamu ya HWiNFO yomwe imaonetsa kutentha kwa zipangizo za m'kati. Isanapatsidwe ntchito iliyonse, purosesa inali kale pa madigiri 68. Titangotsegula mafayilo angapo a zithunzi, inafika pa 99. Purosesa imeneyi malire ake ndi madigiri 100. Ikafika pamenepo imayamba kudzichepetsa liwiro kuti isapse, ndipo zikakanikabe imazimitsa makina onse. Choncho kuzima kuja sikunali kufa ayi, kunali kudziteteza.

Titachotsa chivundikiro cha pambali, chifukwa chake chinaonekeratu. Choziziritsa, chomwe ndi chitsulo cha zipsepse chokhala ndi fani pamwamba, chimagwiridwa ndi timiyendo tinayi ta pulasitiki. Titatu tinali titalowa bwino m'mabowo a bodi. Kachinayi kanali katangokhala pamwamba, kukamwa kwake kutapindikira kunja. Choziziritsa chinali chopendekeka pang'ono, ngati mphika wokhala pa mafuwa osalingana, ndipo phala linali litapakidwa lambiri moti linatayikira m'mbali.

Ntchito ya phalali ndi yochepa kuposa momwe ambiri amaganizira

Purosesa ya mlamu wangayo ikamagwira ntchito mwamphamvu imatha kutulutsa kutentha kwa mawati 84. Kumbukirani mababu akale aja a mawati 75 kapena 100, momwe ankaotchera dzanja ukawakhudza. Kutentha kofanana ndi kumeneko kumachokera pa kachidutswa ka silikoni kongoposa pang'ono chikhadabo cha chala chachikulu. Pa makompyuta a patebulo kachidutswaka kamakhala kobisika pansi pa chivindikiro cha mkuwa chokutidwa ndi nikelo, chomwe ndi chitsulo chonyezimira chija cholembedwa dzina la purosesa. Kutentha kumayenera kuchoka m'kachidutswako, kudutsa chivindikiro, kulowa m'choziziritsa, kenako fani n'kukuuluzira kunja.

Pamene chivindikiro chakumana ndi tsinde la choziziritsa m'pamene pali msampha. Zitsulo ziwirizi zimaoneka zosalala, koma zili ndi timikwingwirima ndi timaenje tosaoneka ndi maso, ndipo zikagundana m'timipatamo mumatsalira mpweya. Mpweya sudutsitsa kutentha. Pa muyezo umene akatswiri amagwiritsa ntchito, mkuwa uli pa 400, mpweya uli pa 0.026, pamene phala wamba limakhala pakati pa 1 ndi 10. Manambalawa akutiuza zinthu ziwiri nthawi imodzi. Phala limaposa mpweya kutalitali, n'chifukwa chake timalipaka. Koma limachepekedwanso kutalitali ndi mkuwa, n'chifukwa chake liyenera kukhala lopyapyala kwambiri. Ntchito yake ndi ya dothi lozirira pansi m'nyumba: kutseka ming'alu basi. Munthu sazira kuti pansi pakwere.

Amene amalipyapyalitsa phalali si inu ndi chala chanu, koma kupanikiza kwa choziziritsa chikamangidwa. Ine ndimaona kuti anthu amataya nthawi yambiri kukangana za dzina la phala ndi kapakidwe kake, chonsecho chimene chimasiyanitsa kompyuta yozizira ndi yotentha, komanso yamoyo ndi yakufa, kawirikawiri ndi kamangidwe. Phala lotchipa pansi pa choziziritsa chomangidwa mofanana mbali zonse limagwira bwino kuposa phala lodula pansi pa choziziritsa chopendekeka.

Timapini tili kuti?

Musanagwire chilichonse, dziwani kumene kuli timapini, chifukwa ndito tosachedwa kuonongeka. Kuyambira mu 2004, mapurosesa a Intel a makompyuta a patebulo alibe mapini. Kunsi kwake kuli timadontho ta golide tosalala, ndipo mapini ali m'soketi ya pa bodi. Masoketi amenewa amatchedwa LGA, ndipo nambala yotsatira imanena kuchuluka kwa mapini: LGA 775, LGA 1155, LGA 1150, LGA 1151, LGA 1200, LGA 1700. Soketi ya mlamu wanga ndi LGA 1150, kutanthauza kuti pamalo osakwana masentimita anayi mbali iliyonse pali timapini 1,150, totalikirana mosakwana milimita imodzi, topendekeka ngati udzu wogonetsedwa ndi mphepo, kalikonse kakugwira ntchito ngati kasipuling'i. Kukhudza ndi nsonga ya chala n'kokwanira kupinda khumi nthawi imodzi.

Ku AMD zinthu zinali zosiyana kwa nthawi yaitali. Pa soketi ya AM4, yomwe mapurosesa ambiri a Ryzen amakhalapo, mapini 1,331 ali kunsi kwa purosesa, ndipo soketi ili ndi timabowo. Mu 2022 kampaniyi inabweretsa AM5, yomwe ili ngati ya Intel, mapini 1,718 ali pa bodi.

Tsono nali langizo limene likanapulumutsa mabodi ambiri: ngati mukungosintha phala, musatsegule soketi. Palibe chifukwa chochotsera purosesa. Ikakhala m'malo mwake yotsekeredwa ndi kandodo kake, purosesayo ndiyo chivundikiro chabwino koposa cha timapini. Mabodi ambiri amene ndawaona atafa anafa chifukwa munthu anati achotse purosesa kuti aipukute bwino, kenako kansalu, sikuludiraiva, ngakhale purosesa yomweyo inaterereka m'zala n'kugwera m'soketi yotsegula.

Kuchotsa chakale

Ku Balaka tinayamba ndi kuzimitsa kompyuta, kuzula chingwe cha magetsi kukhoma, ndi kudina batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti mphamvu yotsalira ithe. Tinaigoneka chambali pa tebulo kuti bodi iyang'ane kumwamba. Osagwira ntchitoyi kompyuta itaimirira, poti choziziritsa chikamasuka chimagwa chokha. Ndinagwira kaye chitsulo cha bokosi la kompyutayo ndisanakhudze zam'kati, chifukwa nyengo youma ngati ya Okutobala thupi limasunga magetsi aja amene amathetheka ukavula juzi, ndipo amatha kuononga zipangizo.

Kompyutayo inali ikadali yofunda, ndipo zimenezi n'zothandiza. Phala lakale likauma limamata ngati guluu, koma likafunda limafewa. Ngati makina ndi ozizira koma amayaka, ayatseni kwa mphindi 10 musanayambe. Mukamasula zomangira zonse, musazule choziziritsa molunjika kumwamba. Chipotozeni pang'ono kumanja, pang'ono kumanzere, mpaka mumve kuti chalekana ndi purosesa, kenako n'kuchinyamula.

Amene ali ndi AM4 amve bwino pamenepa. Soketi imeneyi ilibe chitsulo chopanikiza purosesa kuchokera pamwamba. Imangogwira mapini kunsi, ndipo kugwira kwake n'kosalimba kuposa phala louma. Mukakoka mwamphamvu, purosesa imazuka pamodzi ndi choziziritsa itamatirira kunsi, kandodo kakadali kotseka. Nthawi zina mapini amapulumuka, nthawi zina mzere wathunthu umapindika. Zikakuchitikirani, musayese kuibwezera chomwecho. Ilekanitseni kaye ndi choziziritsa poipotoza mutaigwira m'mbali, tsegulani kandodo ka soketi, yang'anani mapini, kenako muibwezeretse.

Popukuta, chabwino ndi sipiriti wa aisopuropili wa maperesenti 90 kapena kuposa, chifukwa amauma msanga osasiya kanthu. Sipiriti wa mtundu wa pepo amene timagula m'magolosale ali ndi utoto, ndipo wina wotsukira zilonda amakhala ndi mafuta, choncho mukagwiritsa ntchito amenewa pukutaninso bwino ndi nsalu youma mpaka chitsulo chiwale. Nyowetsani kansalu kosathothoka ulusi, osathira sipiriti pa bodi. Pukutani kuchokera m'mphepete kupita pakati kuti phala lakale lisakankhikire m'mbali mwa soketi. Mpeni ndi lumo zisayandikire. Ngati lauma kwambiri, likokereni ndi khadi la pulasitiki. Ife tinatenganso mpata womwewo kuchotsa fumbi lomwe linali litatseka zipsepse ngati bulangete, tikugwira fani ndi chala kuti isazungulire pouzira mpweya.

Ngati purosesa iyenera kutuluka kapena kulowa

Nthawi zina simungachitire mwina: mwagula bodi yatsopano, kapena mukusintha purosesa. Pa soketi ya LGA, dinikizani kandodo ka chitsulo ka pambali, kakankhireni kunja pang'ono kuti kachoke pa ngowe yake, kenako kakwezeni. Chitseko cha chitsulo chimatseguka. Kuyambira pamenepo mpaka mutatsekanso, pamwamba pa soketi pasadutse kanthu kena koma purosesa yokha. Pindani manja a malaya, chotsani zibangili, ikani sikuludiraiva patali.

Gwirani purosesa m'mbali ndi zala ziwiri, osakhudza golide wa kunsi. Pa ngodya imodzi pali kachizindikiro ka ngodya zitatu, ndipo pa soketi kapena pa chitseko chake palinso kena kofanana nako. Ziwirizi zikhale mbali imodzi. M'mphepete mwa purosesa mulinso timipata tosemedwa tomwe timalowa pa timabampu ta pulasitiki ta soketi. Itsitseni itagona mofanana, kuchokera pafupi kwambiri, ndipo muisiye ikhale yokha. Osaidinikiza, osaikhwekhwereza, osayamba kutsitsa ngodya imodzi. Ikapanda kukhala bwino, inyamuleni molunjika, muone chalakwika. Pa AM4 n'chimodzimodzi: kandodo kakakwezedwa, purosesa imalowa ndi kulemera kwake kokha. Ikakana, ndiye kuti mwaitembenuza kapena pali pini yopindika, ndipo kukakamiza kungathyole piniyo.

Kutseka kandodo ka LGA kumafuna mphamvu ndithu, ndipo nthawi zina kumamveka kaphokoso kochititsa mantha. Zimenezo n'zachibadwa, bola mwatsimikiza kuti purosesa yakhala bwino musanatseke. Pa mabodi atsopano, kachivundikiro kakuda ka pulasitiki kamene kamateteza soketi kamadumpha kokha mukamatseka kandodo. Kasungeni. Tsiku limene mudzachotse purosesa kapena kubweza bodi kwa wogulitsa, kadzafunika.

Kadontho kamodzi

Pa purosesa ya mbali zinayi zofanana ngati ya mlamu wanga, ndinafinya kadontho kamodzi pakati penipeni, kukula kwake ngati njere yaing'ono ya nandolo. Sindinakapake. Choziziritsa chikatsika, chimakankha phala kuchokera pakati kupita kunja, ndipo mpweya umathawa patsogolo pake. Mapurosesa a LGA 1700 ndi otalika mbali imodzi, mamilimita 45 kwa 37.5, ndiye kadontho kamodzi kamatha kusafika kumapeto. Pamenepo jambulani kamzere kopyapyala motsatira utali wake, kapena kadontho pakati ndi tina tinayi ting'onoting'ono cha m'ngodya.

Pakati pa kuchepetsa ndi kuchulukitsa pang'ono, kuchepetsa ndiko koipa, chifukwa pamene phala silinafike pamakhala mpweya. Lochuluka pang'ono limangofinyikira m'mbali. Koma lochuluka kwambiri, ngati lomwe tinalipeza ku Balaka, limayenderera mpaka m'mphepete mwa soketi, ndipo tsiku lodzatsegula limagwera m'mapini. Phala lambiri la masiku ano silidutsitsa magetsi, motero kutayikira sikupsereza kanthu. Losiyana ndi lija lokhala ngati chitsulo chamadzi, lopangidwa ndi galiyamu. Limenelo limadutsitsa magetsi ndiponso limadya aluminiyamu. Munthu wongoyamba kumene alisiye. Za mankhwala otsukira mano ndi girizi wa galimoto zimene ena amapaka, musazitengere: mankhwala a mano amauma m'masiku ochepa n'kusanduka choko.

Ngati choziziritsa ndi chatsopano, chitembenuzeni muone kunsi. Zina zimabwera ndi phala lotuwa lopakidwa kale ku fakitale, ndipo pamenepo simuwonjezeranso lina. Zina zimabwera ndi kapulasitiki koonekera komatidwa pa tsinde. Kapulasitiki kameneka kaiwalidwapo ndi anthu ambiri, odziwa ntchito omwe, ndipo kompyuta yake imatentha kuyambira mphindi yoyamba.

Kumanga ngati tayala la galimoto

Amene anaonapo makaniko akumanga tayala amadziwa kuti samaliza nati imodzi asanagwire zinazo. Amayamba zonse pang'ono, kenako amalimbitsa modumphadumpha, iyi kenako yoyang'anizana nayo. Choziziritsa chimafuna zomwezo, ndipo chifukwa chake n'chachikulu kuposa pa tayala. Mukalimbitsa ngodya imodzi mpaka kumapeto, choziziritsa chimapendekera komweko. Phala lonse limathawira mbali inayo, mphamvu yonse imatsikira pa ngodya imodzi ya purosesa, ndipo sikuluwu yoyang'anizana nayo imakwera moti simungaifikitse pa bowo lake popanda kukanikiza mpaka bodi kupindika.

Choncho tsitsani choziziritsa molunjika, mabowo atalunjikana kale, ndipo chikakhudza phala musachinyamulenso. Mukachinyamula, mpweya walowa, ndiye pukutani muyambirenso. Dzanja limodzi lichigwire pakati. Ndi linalo, zungulizani sikuluwu yoyamba kawiri kokha kuti ingogwira, kenako ya pa ngodya yoyang'anizana nayo kawiri, kenako ziwiri zotsalazo. Bwerezani mozungulira chomwecho, kawirikawiri, mpaka iliyonse ifike poima. Masikuluwu ambiri a zoziziritsa ali ndi masipuling'i, ndipo anapangidwa kuti aime okha mphamvu ikakwana. Ikaima, yaima. Gwirani sikuludiraiva ndi nsonga za zala, osati ndi chibakera, ndipo ikhale yokwana bwino pa mutu wa sikuluwu, chifukwa ikaterereka imakakanda bodi n'kudula timisewu ta mkuwa kapena kuthothola tizipangizo ting'onoting'ono tozungulira soketi.

Kulimbitsa mopitirira kuli ndi zizindikiro zake zosokoneza. Kompyuta imatha kukana kuyaka, kapena kuyaka koma n'kuona theka lokha la memore, chifukwa bodi yapindika pang'ono ndipo mapini ena sakukhudzanso. Zikachitika mutangomanga choziziritsa, bwezani sikuluwu iliyonse pang'ono muyesenso musanaganize kuti china chake chapsa. Onetsetsaninso kuti zomangira ndi za soketi yanu. Mabowo a LGA 1155, 1150, 1151 ndi 1200 ndi otalikirana mamilimita 75, pamene a LGA 1700 ndi 78, ndipo kutalika kwa timizati take n'kosiyana. Kusiyana kwa mamilimita atatu kumaoneka ngati kungakakamizike, koma zotsatira zake ndi choziziritsa chosakhudza bwino kapena chopanikiza mopitirira. Pa AM4, kumbuyo kwa bodi kuli chitsulo chimene masikuluwu amalowamo. Mukamasula zonse chimatha kugwera kumbuyo, ndiye chigwirizeni kaye.

Tibwerere ku timiyendo ta pulasitiki ta mlamu wanga, poti zoziziritsa za Intel zoterezi ndizo zofala. Kamwendo kalikonse kali ndi zigawo ziwiri: kukamwa koyera kogawanika pawiri kumene kumalowa m'bowo, ndi kamtengo kakuda kamene kamatsika pakati pake n'kukutambasula kuti kusatulukenso. Pamutu pa kakudako pali muvi. Muviwo ndi wosonyeza komasulira, ndipo apa m'pamene ambiri amalakwitsa, poganiza kuti ndi wotsekera. Pochotsa mumapotoza motsata muvi n'kukoka. Musanabwezeretse, potozani timitu tonse tinayi mobwerera, mosemphana ndi muvi, ndipo tikhale titakwezedwa. Onetsetsani kuti kukamwa koyera kulikonse kwatsekeka ndipo kwalowa m'bowo lake. Kenako dinikizani tiwiri toyang'anizana mpaka mumve kuti thwa, n'kumaliza ndi tiwiri tinato.

Mnyamata uja anadinikiza kakuda pamene koyera kusanalowe m'bowo, ndiye kukamwa kunatambasukira pamwamba pa bodi. Mwamwayi sikunathyoke. Ndinakweza kamtengo kakuda, ndinafinya kukamwako ndi zala mpaka kubwerera, n'kukulowetsa. Ngati bokosi la kompyuta likulolani kuona kumbuyo kwa bodi, yang'anani: nsonga zonse zinayi ziyenera kutulukira mofanana. Kenako gwedezani choziziritsa pang'ono. Chomangika bwino chimayenda pamodzi ndi bodi. Pomaliza lumikizani chingwe cha fani pa timano tolembedwa CPU_FAN, ndipo chingwecho chisalendewere pamene mapiko a fani angachikole.

Laputopu ndi nkhani ina

Zonse ndanenazi zikukhudza purosesa yovala chivindikiro cha chitsulo. M'laputopu, komanso pa makhadi a zithunzi, chivindikirocho palibe. Mukachotsa choziziritsa mumaona kagalasi kakuda konyezimira, ndipo kameneko ndiye silikoni yeniyeniyo. Imasweka ngati galasi, makamaka m'ngodya, ndipo ikabenthuka palibe kukonza. Pa malaputopu ambiri purosesa ndi yowotchereredwa pa bodi, kotero kuibenthula n'kutaya bodi yonse.

Yambani ndi kuzula chingwe cha batire pa bodi. Pambali pa masikuluwu a choziziritsa nthawi zambiri pamalembedwa manambala 1, 2, 3, 4. Pomanga tsatirani manambalawo, pang'onopang'ono mobwereza, ndipo pomasula yambirani ku nambala yomaliza. Timapaipi ta mkuwa topita ku fani ndi tamphako, tili ndi timadzi m'kati tonyamula kutentha, ndipo tikapindika kapena kuphwanyika sitigwiranso ntchito bwino. Musanyamule choziziritsa pogwira kumapeto kwa kapaipi, chifukwa kamasanduka chotemera chimene chimakanikiza ngodya ya silikoni. Gwirani pamwamba penipeni pa purosesa. Kunonso kapakidwe kamasintha: popeza palibe chivindikiro chomwaza kutentha, kagalasi konse kayenera kukutidwa, choncho pakani phala lopyapyala ponseponse ndi kakhadi ka pulasitiki. Timapadi tofewa ngati labala tomwe mungapeze pa zipangizo zoyandikana nato tisiyeni m'malo mwake. Timatseka mpata waukulu umene phala silingatseke.

Pini ikapindika

Zizindikiro zake n'zofanana ndi za kulimbitsa mopitirira: fani ikuzungulira koma pa sikirini palibe kanthu, kapena malo ena olowetsamo memore asiya kugwira. Kuti muone, chotsani purosesa, walitsani tochi ya foni chapambali, ndipo muziyendetsa mutu pang'onopang'ono. Mapini abwino amanyezimira mofanana m'mizere yawo. Yopindika imaoneka ngati kadontho kowala kapena kakuda pakati pa anzake. Kujambula chithunzi n'kuchikulitsa kumathandizanso.

Mapini a pa purosesa ya AM4 ndi okhuthalako, ndipo munthu wodekha amatha kuwawongola podutsitsa khadi lopyapyala pakati pa mizere, kapena kulowetsa pini m'kamwa mwa pensulo ya makina yopanda mtovu wake. A m'soketi ya LGA ndi ovuta kwambiri. Amafuna singano, galasi lokulitsa zinthu ndi dzanja losanjenjemera, ndipo pini imalola kupindidwa kamodzi kapena kawiri isanathyoke. Ine ndikaona opitirira awiri kapena atatu atapindika, ndimatumiza bodi kwa wokonza mafoni waluso amene ali ndi maikulosikopu. Phala likagwera m'soketi, musalipukute ndi thonje kapena nsalu, chifukwa ulusi umakola mapini n'kuwakoka. Ngati ndi kadontho kakang'ono ka phala losadutsitsa magetsi, kuthirapo sipiriti wa aisopuropili n'kudikira kuti aume ndi njira yosaopsa kuposa kukanda.

Titamaliza ku Balaka, tinayatsa kompyuta chivundikiro chikadali chotsegula, kuti tione ngati fani ikuzungulira. HWiNFO inaonetsa madigiri 41 popanda ntchito. Wogwiritsa ntchito Linux angaone zomwezo polemba:

```
sensors
```

Nambala ya popanda ntchito siuza zambiri, ndiye tinatsegula mafayilo aja amene anaizimitsa poyamba, n'kuisiya ikugwira ntchito yolemera kwa mphindi 20 masana dzuwa lili paliwombo. Inakwera pang'onopang'ono, n'kuima pa 74. Kakweredwe kameneka n'kofunika kukayang'anitsitsa. Kutentha kukakwera pang'onopang'ono mpaka kupitirira muyezo, vuto limakhala fumbi, fani yofooka kapena bokosi losalowa mpweya. Kukadumphira ku 95 m'masekondi ochepa, zipsepse za choziziritsa zikadali zozizira mukazikhudza, ndiye kuti kutentha sikukuwoloka: kapulasitiki kaiwalika, kamwendo sikanalowe, kapena phala lachepa. Mukatsegulanso, chidindo cha phala pa tsinde chimakuuzani zoona. Chikakhala chopyapyala ponseponse, munamanga bwino. Chikakhala chokhuthala mbali imodzi, mbali imeneyo sinatsike.

Mlamu wanga anafunsa kuti adzasinthenso liti. Ndinamuuza kuti phala labwino limakhala zaka zingapo, ndipo chomuuza nthawi ndi manambala a kutentha, osati kalendala, koma fumbi la m'zipsepse aziliuzira chilimwe chilichonse chisanafike. Ndinamuchenjezanso za ulendo, poti amafuna kudzasamutsira shopu ku Ntcheu: kompyuta ikakwera galimoto pa msewu wa mabampu, igone chambali, bodi ili pansi, choziziritsa chikuyang'ana kumwamba. Chake n'chopepuka, koma zoziziritsa zazikulu zokhala ngati nsanja zimatha kulemera kilogalamu imodzi, ndipo zimenezo ndi bwino kuzimasula kaye, n'kukazimanganso ndi kadontho katsopano mukafika.